Ndinayatsa Data Saver koma bandulo ikutha msanga: vuto lili pati?

Funso: "Foni yanga ndi ya Android. Tsiku lililonse ndimawerenga nkhani ndi zidziwitso za ntchito pa Chrome, masamba ngati 40. Ndinayatsa Data Saver, ndipo usiku uliwonse ndimafufuta cache kuti foni isamalemedwe. Koma bandulo ya 1 GB siikufika ngakhale sabata. Ndichite chiyani kuti izikhalitsa?"

Data Saver imene munayatsayo siichepetsa kukula kwa masamba amene mukutsegula. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa chifukwa pali zinthu ziwiri zosiyana zimene zakhala zikudziwika ndi dzina limodzi. Kale Chrome ya pa foni inali ndi Data Saver yakeyake, imene kenako inasinthidwa dzina n'kukhala Lite mode. Imeneyo inkadutsitsa masamba pa makompyuta a Google kuti apanidwe asanafike pa foni yanu. Google inaichotsa mu Marichi 2022, pamene inatulutsa Chrome 100. Imene yatsala ndi ya Android yeniyeniyo, yomwe inayamba ndi Android 7 mu 2016 ndipo imapezeka mu Settings, pagawo la netiweki. Ntchito yake ndi kuletsa mapulogalamu kudya data mwakachetechete pamene simukuwagwiritsa ntchito. Ndi yothandiza ndithu, ndipo musaizimitse. Koma mukatsegula Chrome n'kuyamba kuwerenga, Chrome ndiye pulogalamu imene ili pamaso panu, ndipo chiletso chija sichiikhudza. Nthawi zambiri tsamba limabwera lathunthu, ndi zithunzi zake zonse ndi malonda ake onse.

Musanasinthe kalikonse, onani kaye ngati ndi Chrome imene ikumaliza banduloyo. Lowani mu Settings, pezani pamene palembedwa Data usage kapena App data usage, ndipo muona mndandanda wa mapulogalamu ndi kuchuluka kwa data imene iliyonse yadya. Ndikulimbikira zimenezi chifukwa masamu a zimene mwafotokoza sakugwirizana bwino. Gigabaiti imodzi ikatha m'masiku 7, ndiye kuti mukudya pafupifupi 140 MB patsiku, ndipo masamba 40 a nkhani paokha safika pamenepo kawirikawiri. Pali china chimene chikudya nawo, mwina mavidiyo, mwina pulogalamu ina. Dziwaninso kuti linki imene mwaitsegula muli mkati mwa pulogalamu yochezera nthawi zambiri imatsegukira momwemo, ndipo data yake imawerengedwa pa pulogalamu imeneyo osati pa Chrome. Zonse zimene mungakonze mu bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome, sizifika kumeneko. Ngati malinki ambiri mumawatsegula chonchi, zolowerani kusankha Open in browser kuti zosintha zanu zizigwira ntchito.

Tsopano tione zimene zili m'tsamba limodzi. Bungwe la HTTP Archive, limene limayeza kulemera kwa masamba mamiliyoni, lakhala likusonyeza m'zaka zaposachedwapa kuti tsamba lapakatikati la pa foni limalemera cha m'ma 2 MB kapena kupitirirako, ndipo gawo lalikulu kwambiri ndi zithunzi. Nditenga tsamba longoyerekeza la nkhani lolemera 2.4 MB kuti tichitirepo masamu. Mawu enieni amene mukufuna kuwerenga ndi 0.1 MB yokha. Zithunzi ndi 1 MB. Malonda ndi timapulogalamu totsata zochita zanu ndi 0.5 MB. Yotsalayo, 0.8 MB, ndi mafayilo omanga tsambalo: amene amanena mitundu ndi kakonzedwe kake, zilembo zapadera za webusaitiyo, ndi JavaScript yoyendetsa mamenyu ndi mabatani. Manambala a webusaiti yanu asiyana ndi awa, koma kagawidwe kake kamakhala kofananako: chimene mwabwerera ndicho chaching'ono kuposa zonse.

Mafayilo omanga tsamba aja ndi amodzimodzi pa nkhani iliyonse ya webusaiti imodzi. Bulawuza ikawatsitsa koyamba imawasunga m'foni, ndipo malo osungirawo ndi amene mumawaona atalembedwa kuti cache. Mukatsegula nkhani yachiwiri pa webusaiti yomweyo, bulawuza siitsitsanso mafayilowo, imangowatenga pamene inawasunga. Fayilo iliyonse imabwera ndi chidziwitso chochokera ku seva, kompyuta imene imasunga webusaitiyo, chonena nthawi imene ingagwiritsidwe ntchito isanatengedwe ngati yakale. Nthawiyo ikatha, bulawuza imafunsa seva ngati fayiloyo yasintha. Ngati sinasinthe, seva imayankha ndi uthenga waufupi wa nambala 304, umene sufika ngakhale kilobaiti imodzi nthawi zambiri, ndipo fayilo yakaleyo imapitiriza kugwira ntchito. Mukamafufuta cache usiku uliwonse, zili ngati kukhuthula nkhokwe madzulo n'kumadzagulanso chimanga chomwecho m'mawa.

Koma ndisakukokomezereni kukula kwa vuto limeneli. Tinene kuti masamba anu 40 mumawawerenga pa mawebusaiti anayi. Kufufuta kwa usiku kumakutayitsani 0.8 MB kanayi, ndiye kuti 3.2 MB patsiku, pafupifupi 96 MB pamwezi. Ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a bandulo yanu, lotayika popanda chimene mwapindula, chifukwa cache yodzaza siichedwetsa foni. Bulawuza imadziikira malire yokha ndipo imataya zakale ikafuna malo. Komabe si kumene kukuthera data yambiri. Tsamba lililonse likudyabe 1.6 MB ngakhale cache ikugwira ntchito, ndipo masamba 40 akudya 64 MB. Pamodzi ndi 3.2 MB ija, tsiku lanu la kuwerenga ndi 67 MB. Ndiye mukuona chifukwa chake ndinati 140 MB siikuchokera m'kuwerenga kokha.

Pali zizolowezi ziwiri zimene zimawononga cache kuposa kufufuta kwa usiku. Choyamba ndi kuwerenga mu Incognito. Zonse zimene bulawuza yasunga m'menemo zimatayidwa mukangotseka matabu a Incognito, kotero amene amatsegula ndi kutseka kasanu patsiku amalipira mafayilo aja kasanu. Chachiwiri ndi mapulogalamu oti amayeretsa foni, amene ena amabwera kale m'foni momwemo. Akamakuuzani kuti apeza zinyalala za mamegabaiti mazana, mbali ina ya zimenezo ndi cache ya bulawuza yanu. Ngati foni yadzaza, chotsani mavidiyo akale, amene ndi omwe amatenga malo ambiri. Cache muifufute pokhapokha webusaiti inayake ikuoneka yosokonekera kapena ikukana kusonyeza zatsopano, ndipo pamenepo musankhe Cached images and files yokha, osafufuta ma cookies amene amakusungirani malowedwe anu.

Phindu lalikulu lili pa zithunzi. Mukaziletsa, tsamba la 1.6 MB lija limatsika kufika pa 0.6 MB, ndipo masamba 40 amadya 24 MB m'malo mwa 64 MB. Palibe china mu bulawuza chimene chingakupulumutsireni data yochuluka chonchi pa kuwerenga nkhani. Vuto ndi lakuti batani lozimitsira zithunzi lili mu Chrome ya pa kompyuta, pansi pa Site settings, pamene mu Chrome ya pa foni za Android kawirikawiri mulibe. Choncho munthu wofuna kuletsa zithunzi pa foni amafunika bulawuza yachiwiri yowerengera. Pali njira ziwiri zimene ndimaziona kuti n'zodalirika, ndipo zimagwira ntchito mosiyana kwambiri.

Njira yoyamba ndi Firefox ya Android, chifukwa imalola kuikamo zowonjezera. Ikani Firefox muli pa Wi-Fi ngati n'kotheka, tsegulani menyu, pitani pa Extensions, ndipo muikemo uBlock Origin. Ikangolowa imayamba kuletsa malonda ndi timapulogalamu totsata anthu, ndiye kuti 0.5 MB ija yachoka kale. Kenako tsegulani Settings za uBlock Origin n'kuchonga pamene palembedwa Block media elements larger than 50 KB. Chimene ndimachikondera chiletso chimenechi ndi chakuti sichizimitsa zithunzi zonse mwachisawawa. Tizithunzi ting'onoting'ono ta mabatani ndi zizindikiro timadutsa, kotero tsamba silisokonekera, koma zithunzi zikuluzikulu zimaimitsidwa ndipo pamalo pake pamatsala kabokosi. Mukafuna kuona chithunzi chinachake mumachidina chokhacho. Nambala ya 50 mungaisinthe. Mukaona kuti zithunzi zambiri zikudutsabe, itsitseni kufika pa 20 kapena 30. Pafupi pomwepo pali Block remote fonts, imene imaletsa zilembo zapadera za webusaiti kuti mawu azioneka ndi zilembo za foni yanu. Imapulumutsa data pang'ono, koma mawebusaiti ena amajambula zizindikiro za mabatani awo ndi zilembo zimenezi, ndipo mukaona timabokosi topanda kanthu pamene panayenera kukhala chizindikiro chofufuzira kapena cha menyu, chayambitsa ndi chimenechi.

Njira yachiwiri ndi Opera Mini, imene ikuchitabe zimene Chrome inasiya. Mukapempha tsamba, pempholo limapita ku seva ya Opera, sevayo imatsegula tsambalo, kulipana, n'kukutumizirani lopepuka. Mu Data savings muli kusankha pakati pa High ndi Extreme, ndipo momwemo mungatsitse ubwino wa zithunzi kapena kuzizimitsiratu, komanso kuyatsa choletsa malonda. Extreme ndiyo imapana kwambiri chifukwa ntchito yambiri ya JavaScript imachitikira pa seva, foni yanu imangolandira zotsatira. Kwa munthu wowerenga mawu okhaokha pa netiweki yofooka, palibe yoiposa.

Mtengo wake ndi wa mitundu iwiri, ndipo muyenera kuudziwa bwino. Woyamba ndi wakuti masamba amene amadalira JavaScript kuti aziyenda amaonongeka. Muzindikira chifukwa batani silichita kanthu mukalidina, kapena tsamba lonse limatsegukanso nthawi iliyonse mukadina menyu, kapena fomu imakana kutumizika. Mukaona zimenezi musabwereze kudina kambirimbiri, chifukwa kudina kulikonse n'kutsitsanso tsamba. Sinthani kupita pa High kapena tsegulani tsambalo mu Chrome. Wachiwiri ndi wa chinsinsi. Masamba ambiri masiku ano ndi a HTTPS, kutanthauza kuti zimene zikuyenda pakati pa foni yanu ndi webusaiti zimabisidwa kuti wapakati asaziwerenge. Wapakati amene sangathe kuwerenga tsamba sangathenso kulipana. Choncho mu Extreme ndi seva ya Opera imene imalumikizana ndi webusaitiyo m'malo mwa foni yanu, ndipo zimene mukulemba zimadutsa m'manja mwake. Ine sindingalowe ku banki kapena kulemba pasiwedi ya imelo ndili mu Extreme, ndipo inunso ndikukulangizani chimodzimodzi. Zidziwitso za ntchito muziwerengera m'menemo, koma fomu yofunsira ntchito, imene ili ndi dzina lanu ndi mapepala anu, muzikaidzazira mu Chrome kapena mu Firefox.

Mwa ziwirizi, kwa inu ndingasankhe Firefox, chifukwa zidziwitso za ntchito nthawi zambiri zimathera pa fomu kapena pa fayilo yotsitsa, ndipo kudumphadumpha pakati pa mabulawuza awiri kumatopetsa komanso kumagawa cache pawiri, poti bulawuza iliyonse imasunga zakezake. Koma ngati foni yanu ndi yaing'ono mphamvu kapena malo atha, Opera Mini ndi yopepuka ndipo ikuyenererani.

Tibwerere ku masamu aja. Zithunzi zikuluzikulu zikaletsedwa, malonda akaletsedwa, cache ikasiyidwa kuti igwire ntchito, tsamba lija limatsala ndi 0.1 MB ya mawu, ndipo masamba 40 ndi 4 MB. Zoona zake simudzafika pamenepo. Tizithunzi ting'onoting'ono tidzadutsa, zithunzi zina mudzazitsegula dala, ndipo mawebusaiti amasintha mafayilo awo nthawi ndi nthawi kotero cache imatsitsanso atsopano. Muchitsanzo chathuchi, kuyembekezera 10 MB mpaka 15 MB patsiku n'kwanzeru. Kuchoka pa 67 MB kufika pamenepo ndi kusiyana kwakukulu: kuwerenga kwa mwezi wonse kumakwana mu theka la gigabaiti.

Zonsezi vidiyo imodzi ingazigwetse. Vidiyo yoyenda pa liwiro la megabiti imodzi pa sekondi, lomwe si lapamwamba n'komwe, imadya 7.5 MB pa mphindi imodzi. Mphindi ziwiri zokha zafanana ndi 15 MB ija ya kuwerenga kwanu kwa tsiku lonse. Mawebusaiti ambiri a nkhani amaika vidiyo yodziyambira yokha pakona kapena pakati pa nkhani, yopanda mawu, ndipo mabulawuza amalola vidiyo yopanda mawu kuyamba yokha. Inu mukuwerenga, iyo ikutsitsa. Ngati mndandanda wa Data usage ukusonyeza kuti Chrome ndiyo yadyadi 140 MB patsiku, ndikukayikira kwambiri mavidiyo amenewa. Mu Firefox lowani mu Settings, pezani Autoplay pagawo la zilolezo za mawebusaiti, ndipo musankhe Block audio and video. Chiletso cha 50 KB chija chimagwiranso mavidiyo ena, koma musadalire chokhacho, chifukwa mavidiyo ambiri amabwera m'tizidutswa kudzera mu JavaScript ndipo amachizemba.

Ngati mupitiriza kugwiritsa ntchito Chrome pa zina, muli chinthu chimodzi choyenera kusintha lero. Mu Settings, pansi pa Privacy and security, muli Preload pages. Chrome imayerekeza tsamba limene mungatsegule kenako n'kuyamba kulitsitsa musanadine, kuti lioneke ngati latseguka mwachangu. Ikalosera molakwa, data ija yapita pachabe. Sankhani No preloading. Zimitsaninso nkhani zimene zimaoneka pa tabu yatsopano, pansi pa dzina la Discover, chifukwa iliyonse imabwera ndi chithunzi chake. Opera Mini nayo ili ndi nkhani zotere patsamba lake loyamba, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu wapana masamba ake bwinobwino kenako data n'kuthera pa mitu ya nkhani imene sanaipemphe. Onaninso kuti Desktop site ndi yosachonga, chifukwa tsamba la pa kompyuta kawirikawiri limatumiza zithunzi zazikulu kuposa la pa foni.

Kathamangitsidwe ka chala nakonso kali ndi mtengo. Mawebusaiti ambiri satsitsa zithunzi za m'munsi mpaka mutayandikira pamene zili. Mukatsetsereka mpaka pansi pa nkhani, kumene kumakhala mulu wa nkhani zina ndi zithunzi zake, mwazitsitsa zonsezo. Nkhani ikatha, bwererani pomwepo. Pobwerera gwiritsani ntchito batani lobwerera m'mbuyo m'malo modinanso linki ya tsamba loyamba, chifukwa bulawuza nthawi zambiri imakhala ikusungabe tsamba limene mwangochokapo. Ndipo samalani ndi kukokera tsamba pansi muli pamwamba pake, poti kumeneko ndi kuuza bulawuza kuti ilitsegulenso.

Chatsala ndi masamba amene mumawabwerera kangapo, monga chidziwitso cha ntchito chimene mukufuna kuchiwerenganso polemba kalata. Pamenepa cache si yodalirika. Inapangidwa kuti ifulumizitse kutsegula, osati kuti muziwerenga popanda netiweki, ndipo mawebusaiti ambiri amauza bulawuza kuti izifunsa kaye seva isanasonyeze mawu a tsamba. Chofunika ndi kusunga tsambalo mwadala. Mu Chrome dinani timadontho titatu kenako kamuvi koloza pansi, ndipo tsamba lonse limasungidwa mu Downloads. Mu Firefox muli Save as PDF, ndipo Opera Mini ili ndi malo ake osungira masamba owerenga popanda netiweki. Kuti mutsimikize kuti lasungikadi, yatsani Airplane mode n'kulitsegula. Likatseguka, mungaliwerenge kangati konse osadya kalikonse. Mukapeza Wi-Fi, imeneyo ndiyo nthawi yosunga masamba aatali amene mukufuna kuwerenga pambuyo pake.

Tsamba losungidwa limakhala momwe linalili tsiku limene munalisunga. Olemba ntchito akasintha tsiku lotsekera kapena akachotsa chidziwitsocho, lanu silidziwa. Choncho musanatumize kalata, tsegulani tsamba lenileni kamodzi muone ngati zinthu zili chimodzimodzi. Mafayilo a PDF nawonso muwasamale, chifukwa palibe chopana masamba kapena choletsa zithunzi chimene chimawachepetsa. PDF ya 5 MB imadya 5 MB nthawi iliyonse mukaitsitsa, ndipo anthu ambiri amadinanso linki yomweyo katatu osadziwa kuti fayiloyo ili kale mu Downloads. Pali misampha inanso pa zidziwitso za ntchito: zina zimaikidwa ngati chithunzi cha pepala, osati ngati mawu. Mukatsegula tsamba n'kupeza mutu wokha popanda tsatanetsatane, musaganize kuti ndi lopanda kanthu. Yang'anani kabokosi ka chithunzi choletsedwa n'kukadina, kapena lolezani zithunzi pa webusaiti imeneyo yokha kudzera pa menyu ya uBlock Origin.

Poyesa ngati zasintha, musadalire nambala imene bulawuza imadzitamandira nayo kuti yakupulumutsirani, chifukwa imeneyo ndi kuyerekeza kwake. Dalirani mndandanda wa Data usage wa foni. Lembani nambala ya bulawuza yanu m'mawa, werengani monga mwa masiku onse, lembaninso madzulo, ndipo chitani zimenezi masiku atatu musanasinthe ndi masiku atatu mutasintha. Tsiku loyamba mu bulawuza yatsopano lidzaoneka lokwera chifukwa cache yake ikhala ikungoyamba kudzaza ndipo uBlock Origin ikhala ikutsitsa mindandanda yake ya zoletsa, choncho muyerekeze ndi tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Ngati nambala ya bulawuza yatsika koma bandulo ikuthabe m'sabata, yang'anani pulogalamu imene ili pamwamba pa mndandandawo, tsegulani Settings zake, ndipo muzimitse mavidiyo odziyambira okha ndi kutsitsa zithunzi ndi mavidiyo mosapempha pamene muli pa data ya foni. Mu Play Store namonso, pansi pa Network preferences, ikani Auto-update apps kuti izichitika pa Wi-Fi pokha.